Belo la Mbumba

M'bowo lina la goli la a Lucious Mphepo, momwe mumalowa chikeyi chogwira khosi la ng'ombe, kachilombo kanamata nyumba yake ya dothi, kanaswa ana, n'kuchoka. Chaka chotsatira kanabwera kena n'kumata pamwamba pa yakaleyo. Pambali pa bowolo, m'kamng'alu ka mtengo, munali mutakanirira timaubweya tofiira ta ng'ombe imene inafa kale. Golilo linkakhala pakhonde la kuseri litatsamira khoma, ndipo wodutsa aliyense ankatha kuonapo kuti ngolo ya pakhomopo yakhala zaka osayenda.

A Mphepo ndi mlimi wa fodya wa ku Wimbe, fodya uja woumitsa m'chigafa. Ndi munthu wamtali, wolankhula mochedwa, amene zala zake zinada ndi utomoni wa masamba mpaka sopo anazilephera. Anali ndi ng'ombe ziwiri zokoka ngolo, yofiira ndi yakuda. Yofiira itafa ndi matenda a nkhupakupa, yakuda, imene ankaitcha Sitima, inatsala yokha m'khola, kumangodya osagwira ntchito. Ngolo anaikweza pa njerwa kuti matayala asaole. Kuyambira pamenepo, katundu aliyense wolemera ankamulipirira: manyowa opita kumunda, fodya wochokera kumunda kupita kuchigafa, mabelo opita kumsewu, chimanga chobwera kunkhokwe. Munthu amene kale anthu ankamulipira chifukwa cha ngolo yake, tsopano ankaima pakhomo la mnzake m'mawa kupempha kuti amuikire tsiku.

Chimene ankafuna chinali chimodzi ndipo sichinali chachinsinsi: ng'ombe yachiwiri. Sikuti zokolola zinkawakana chaka chilichonse. Zaka zina fodya ankachita bwino moti ng'ombeyo ikanagulika. Koma ndalama zikafika mu Juni, pofika Seputembala zinali zitatha, ndipo a Mphepo sankamwa mowa.

Mphunzitsi akalandira malipiro, amatha kubwerera kunyumba manja ali m'thumba, nkhope ili yachisoni, palibe amene angamutsutse. Mlimi wa fodya alibe mwayi umenewo. Chuma chake chimakwezedwa pa lole masana, chitasokeredwa m'ziguduli, ndipo ana a m'mudzi amawerenga mabelo mokweza. Madzulo wailesi imalengeza mitengo ya ku okushoni. Wina aliyense wodziwa kuwonkhetsa amakhala atadziwa kale zimene mnzake apeze, kupatula zimene zimadulidwa panjira: za lole, za ziguduli, za msonkho, za kalabu ya alimi. Zimenezo saziwerenga, chifukwa sazionera pa lole.

Kuwonjezera apo, a Mphepo ndi mwinimbumba. Akulu awo aamuna atamwalira, udindo woyang'anira alongo awo ndi ana a alongowo unagwera iwo, monga mwa mwambo wa kwawoko. Amakhala m'mudzi wa mayi awo. Akazi awo, a Feliya, anawatenga chitengwa kuchokera ku Njombwa. Choncho nyumba zowazungulira ndi za anthu amene ali ndi ufulu wogogoda. Woyandikana nawo kwambiri ndi a Anesi, mlongo wawo wamkulu, mayi wamasiye wa ana anayi, wa mawu akuthwa ndi msana wopindika ndi khasu.

Kungakhale kunama kunena kuti anthuwa ankapempha mwadyera. Zinali zaka za makuponi. Kuponi imodzi ya feteleza wotsika mtengo inkagawidwa pakati pa makomo awiri kapena atatu, ndipo thumba likatsegulidwa, aliyense ankapita kwawo ndi ndowa imene sinkakwanira munda. Pofika Febuluwale nkhokwe zinali zopanda kanthu. Wobwera kwa a Mphepo ankabwera ndi chinthu choona: mwana wabwezedwa kusukulu, wina malungo, wina denga lagwa, wina wasowa ndalama yowombolera kuponi yomweyo. Pempho lililonse palokha linali laling'ono ndi lomveka. Palibe tsiku limene munthu anabwera kudzapempha ng'ombe. Koma ng'ombeyo inkatha, mwendo lero, nthiti mawa.

Anayesa njira zingapo. Poyamba ankasunga ndalama m'nyumba, ndipo anapeza kuti sangathe kunena kuti alibe pamene zili kuseri kwa chitseko. Nkhope yawo inkawaulula. Kenako ankazisiya ku banki ku Kasungu boma, poganiza kuti mtunda uwateteza. Mtunda unangowonjezera mtengo: ankakwera galimoto kukatapa ndalama ya munthu wina, n'kulipira ulendowo okha. Chaka china anaganiza mwanzeru kuti ndalama azisandutsa feteleza nthawi yomweyo, kuti chaka chotsatira fodya achuluke. Apa ndi pamene analakwitsa kwambiri. Ndalama munthu amachita nayo manyazi kupempha, koma feteleza amapemphedwa ndi mbale. Mvula itagwa, alongo ndi ana awo ankabwera mmodzimmodzi, yense ndi kambale kake, ndipo matumba anaphwa osaona tsiku limene anatha. Pomaliza, chaka chimene ndalama ya kwacha inatsitsidwa mphamvu, zochepa zimene anali atasunga ku banki, zokwana theka la ng'ombe, anadzuka n'kupeza kuti sizikufikanso pathekapo.

Maganizo atsopano anabwera ndi a Feliya, ali pansi pa chigafa akusoka masamba.

“Bambo a Olive, vuto lanu n'lakuti mumafuna kubisa chinthu chimene anthu anachiwerenga kale pa lole,” anatero. “Bwanji osangowapatsa belo lawo, aziliwerenga lomwelo?”

A Mphepo anangopitiriza kupachika masamba m'chigafamo. Koma nthawi yowokera fodya itafika, anaitana a Anesi ndi ana awo kumunda. Anakhoma zikhomo kumapeto kwa mizere ya kumunsi, pafupi ndi chulu, pamene nthaka yake ndi yabwino, n'kunena kuti fodya wa mizere imeneyo ndi wa mbumba. Mbande ndi feteleza zichokera kwa iwo. Kupalira, kuthyola ndi kusoka azichita ana a mbumba. Masamba ake azipachikidwa kumapeto kwa chigafa, paokha, ndipo adzadindidwa belo lakelake. Ndalama ya belolo, zodulidwa zikachoka, idzaperekedwa yonse m'manja mwa a Anesi anthu akuona, ndipo wosowa kanthu azipita kwa a Anesi. Sikhala ngongole, palibe adzafunsidwe kubweza. Ikatha, yatha mpaka chaka china.

“Nanga munthu akadwala?” anafunsa a Anesi.

“Mbuzi ziwiri zija za m'khola la kumanzere ndi za matenda ogonetsa munthu kuchipatala ndi za maliro. Zimenezo sindiziwerengera kwina.”

“Ndiye mwatilemba utenanti pa munda wa amayi athu?”

“Atenanti amadulidwa feteleza, achemwali. Inu sindikudulani.”

A Anesi anaseka, kuseka kwa munthu amene sanagonje koma waona phindu. Ndipo chaka choyamba njirayo inayenda. Inayenda chifukwa inagwiritsa ntchito chinthu chomwe chija chinkawazunza: maso a anthu. Aliyense analiona belo la mbumba likukwera lole, aliyense anadziwa kukula kwake. Inayendanso chifukwa mawu oti ayi anachoka pakamwa pa a Mphepo n'kupita pakamwa pa a Anesi, amene sankavutika nawo. Mwana wa mlongo wina atapempha ya nsapato za mpira, anabwerako akupukusa mutu. Zinaoneka kuti ndalama ikakhala ya onse ndipo ili ndi malire ooneka, opempha amayamba kulonderana okha.

Chaka chimenecho a Mphepo anatsala ndi ndalama yooneka. Sanaisiye ku banki kuti isungunuke, sanaibweretsenso kunyumba. Anapita ku Njombwa, kwawo kwa a Feliya, kwa a Yobu, mkulu wina woweta ng'ombe, n'kusankha yamphongo yaing'ono, yofula kale, yotuwa, ya mapewa otambalala. Analipira theka la mtengo pamaso pa mboni, ng'ombeyo n'kutsala m'khola la a Yobu. Pangano linali lomveka: theka lotsala lifike msika wa fodya wa chaka chotsatira usanatsekedwe. Likapanda kufika, a Yobu adzagulitsa ng'ombeyo kwa ogula nyama n'kubweza ndalama monga anailandirira, ngakhale mitengo itakwera chotani. A Yobu nawonso anali ndi abale awo ndi malonjezo awo.

Mwana woyamba wa a Anesi ndi Prosper. Anali mnyamata wa zaka za m'ma twente, wamphamvu, amene anasiyira sukulu pa fomu thuu ndalama zitasowa, ndipo a Mphepo ankadziwa kuti chaka chimenecho iwo anali atagula feteleza uja wa m'mbale. Ndi Prosper amene ankagwira ntchito yaikulu pa mizere ya mbumba. Anzake awiri anali atapita ku Joni, ndipo mmodzi anatumiza njinga yamoto imene inkadutsa m'mudzimo ikulira ngati ikunyoza otsala. Prosper anayamba kuwerengera pasipoti ndi basi. Anagwirizana ndi mayi ake kuti belo la chaka chachiwiri likhale la ulendo wake, ndipo akafika azitumiza ndalama ku mbumba yonse. Alongo ena anavomera monyinyirika. A Mphepo atamva, sanatsutse. Belo linali lawo, anati, alione okha.

Koma mvula inadula mu Januwale, ndipo masamba a mizere ya kumunsi ija anatuluka opepuka. Prosper ankanyamula timitolo m'manja n'kumva kuti sitifika pamene ankafuna. Fodya wouma amafuna chinyezi pang'ono kuti asathetheke pomusankha, ndipo alimi amadikira mame a m'mawa kapena tsiku la mitambo. Prosper sanadikire mame. Anatenga tsache, kuliviika m'ndowa, n'kuwaza timitolo mowolowa manja kuti sikelo ikwere. Pakati pa belo anaikapo masamba a pansi, othothoka, amene amayenera kugulitsidwa paokha, n'kuphimba ndi abwino pamwamba ndi pansi. Analidinda pa jeke, chida chopanikizira fodya, tsiku limene amalume ake anali ku maliro kutsidya. Sanali woyamba kuchita zimenezi m'dera limenelo, ndipo ankadziwa anthu amene zinawayendera.

Mabelo anakhala nthawi pamzere ku Chinkhoma asanalowe mumsika, monga zimakhalira lole zikachuluka. Mabelo a a Mphepo anagulidwa, pa mtengo wosasangalatsa koma wosaliritsa. La mbumba litatsegulidwa, m'kati munali nkhungu yoyera ndi fungo la chinthu choola. Linabwezedwa. Linabweranso pa lole, ndipo ulendo wobwererawo unali wolipira. Ana a m'mudzi, amene anawerenga mabelo popita, anaona limodzi likutsitsidwa.

A Mphepo anamasula chiguduli pabwalo, anapisa dzanja pakati, natulutsa masamba omatana, akuda. Anawanunkhiza, anayang'ana Prosper, n'kuwaika pansi. Zimene zinapulumuka anazisankha pamodzi ndi a Feliya, n'kuzigulitsa kwa mavenda a sikelo za pamsewu, amene amagula mwachangu chifukwa amagula motchipa. Ndalama yake anaipereka kwa a Anesi pakhonde, anthu akuona, monga chaka chatha. Sinafike ndi theka lomwe la imene ankayembekezera.

Lamulungu lotsatira, atatuluka m'tchalitchi, a Anesi anabwera ndi Prosper. Sanakhale pamphasa imene a Feliya anayala; anakhala pa njerwa zimene zinanyamula ngolo. Prosper anaima chapatali, atatsamira mtengo wa mango.

“Achimwene, sindinabwere kudzazungulira,” anatero a Anesi. “Mwanayu walakwa, ndamukalipira, makutu ake akudziwa. Koma mnzake wina akunyamuka kupita ku Joni mwezi uno, ndipo akuti malo a ntchito alipo. Pakusowa sikisite sauzande.”

Inali pafupifupi ndalama yomwe a Mphepo ankayenera kukapereka ku Njombwa. A Anesi ankadziwa zimenezo. Anali atawerenga mabelo.

“Ndalama ya mbumba ndinapereka,” anatero a Mphepo.

“Munapereka nkhungu.”

“Nkhunguyo sinachokere kumwamba, achemwali.”

“Ndiye mwana akalakwa kamodzi aziolera pano? Mbuzi zija bwanji?”

“Akudwala ndani?”

“Ine! Ndikudwala umphawi, simukuona?” Anamenya m'manja kamodzi. “Tamverani, achimwene. Amalume athu a Lemani anakulipirirani sukulu inu mpaka munaikana nokha. Sanakhome zikhomo m'munda. Sanati mzere uwu ndi wa Lucious, ukaola waola.”

Zimenezo zinali zoona, ndipo a Mphepo anaweramitsa mutu. Zinalinso zoona kuti a Lemani anamwalira m'nyumba yodontha, bokosi lawo n'kuchita kusonkherana, koma a Mphepo sanazitchule. Pa mikangano ya pachibale, mfundo yoona kwambiri nthawi zambiri ndi imene siyenera kunenedwa.

“Amalume,” anatero Prosper ali pa mtengo paja, “si kupempha ayi. Mundibwereke. Ndikakangofika, miyezi itatu, ndibweza ndi ng'ombe yomwe pamwamba.”

“Kuno sitibwerekana, unamva tsiku la zikhomo lija. Ndikakubwereka, ndiye kuti foni yako ikalira ndiziganiza za ndalama, osati za moyo wako. Iwenso uzidzaopa kundiimbira.”

“Ndiye ingondipatsani.”

“Si zanga. Ndinalonjeza kwa a Yobu.”

“Eya, ku Njombwa!” anatero a Anesi, akutembenukira kwa a Feliya. “Alamu, mwamva? Fodya walimidwa pa nthaka ya amayi athu, ndalama zikukagona kwanu. Mwagwira ntchito.”

“Kwathu kukugona ng'ombe, alamu, osati ndalama,” anayankha a Feliya osakweza mawu. “Ikabwera idzagona m'khola ili apali, pafupi ndi nyumba yanu kuposa ya amayi anga.”

“Ibwere ndithu. Ibwere tidzaione mphwawo wa miyendo inayi. Mwina imeneyo idzawatcha amalume.”

A Mphepo anadikira kuti mawu athe. Kenako ananena zimene akanatha kuchita, pang'onopang'ono, ngati munthu amene wazibwereza m'mutu usana wonse. Zikhomo za chaka chamawa azisuntha, mizere ya mbumba iwonjezeke. Ng'ombe ikabwera, Prosper aziyendetsa ngolo, ndipo pa ulendo uliwonse wolipidwa azitengapo gawo lake; akasunga, pofika chaka chamawa ya pasipoti ndi ya basi ikwana, yakeyake, yopanda womufunsa. Koma ya ku Njombwa sakhudza.

“Chaka chamawa,” anatero Prosper. Anaseka pang'ono, n'kuchoka osatsanzika. A Anesi anadzuka pa njerwa paja, anakutumula chitenje, n'kumutsatira.

Anthu amene amalangiza za kasungidwe ka ndalama amanena zoona akamati munthu aike malire, apatule ya abale, apatule ya ngozi, yotsalayo aiike pamene dzanja silifika msanga. A Mphepo anachita zonsezo osaphunzitsidwa. Chimene malangizowo sanena ndi chakuti malire amayesedwa tsiku limene wopemphayo ali ndi mfundo, ndipo womukanayo amadya naye m'mbale imodzi pa maliro. Prosper sankapempha mowa. Mwina ku Joni kukanamuyendera; ena kunawayendera, ena anabwera atamangidwa, ena sanabwere. A Mphepo sankadziwa, ndipo sananamizire kudziwa. Ankangodziwa kuti akatsegula dzanja ulendo uno, pangano la zikhomo latha, pakuti aliyense adzakhala ataona kuti kuseri kwa belo la mbumba kuli belo lina, lofikirika ndi mawu okwanira.

Masiku otsatira anali olemera. Ana a alongo ankawapatsa moni wa pakamwa pokha. Mkulu wina wa mpingo anawapeza panjira n'kuwakumbutsa mwaulemu za kupatsa, ndipo iwo anavomera mwaulemu womwewo. Ndalama inali itafika ku banki, ndipo tsiku lililonse limene inakhala kumeneko linali tsiku loti akhoza kusintha maganizo. Madzulo ena anauza a Feliya kuti mwina angopereka theka, a Yobu akawapemphe kuti adikire.

“A Yobu adikira?” anafunsa a Feliya.

“Sadikira.”

“Theka limufikitsa mwanayo ku Joni?”

“Limusiya panjira.”

“Ndiye mukhala mwagula chiyani? Ng'ombe palibe, ulendo palibe, ndipo alamu adzanenabe kuti munamana.” Anapitiriza kupeta nyemba. “Mukafuna kupereka, perekani yonse, ndipo goli lija tiwazire nkhuni, lisamationerere. Ine sindikuletsani. Koma musachite zapakati kuti mtima ukhale pansi.”

M'mawa mwake a Mphepo anakwera galimoto kupita ku boma, anatapa ndalama, ndipo sanabwerere ku Wimbe. Anapitirira ku Njombwa tsiku lomwelo, ndalama ili m'thumba la m'kati mwa jekete, chifukwa ankadzidziwa. A Yobu anawerenga pamaso pa mboni zomwe zija, n'kutsegula khola.

Ng'ombe anaiyendetsa pansi, akugona kwa anthu odziwana nawo panjira. Analowa nayo m'mudzi dzuwa likupendeka. Mwa masiku onse, ng'ombe yatsopano ikafika anthu amatuluka, amaizungulira, amaiyang'ana mano, amatsutsana za mtengo. Tsiku limenelo zitseko zinali zotsegula koma pabwalo panalibe munthu wamkulu. A Feliya okha ndiwo anachotsa mipiringidzo ya khola. Sitima inanunkhiza mlendoyo, inapukusa mutu, n'kubwerera kukadya. A Mphepo anatenga kamtengo n'kukolokosa dothi lija m'bowo la goli mpaka chikeyi chinalowa.

Prosper sanayendetse ngoloyo. Ng'ombe yotuwa isanazolowere n'komwe goli, iye anali atapita ku esiteti ina ya fodya kumwera kwa boma, kukagwira ntchito yolipidwa pakutha pa nyengo, kuti apeze yekha ya ulendo. Anatsanzika mayi ake okha. Uthenga umabwera mwa apo ndi apo, ndipo sudutsa pakhomo la amalume ake. A Mphepo anasunthabe zikhomo monga analonjezera, ndipo mizere ya mbumba tsopano amalima ndi ang'ono ake a Prosper, amene sadziwa kusoka bwino. Belo lawo amadinda a Mphepo ali pomwepo.

A Anesi anakhala nyengo yonse ya mvula osaponda pakhomopo. Anabwera nthawi yokolola, m'mawa, n'kuima pafupi ndi khola manja ali m'chiuno, akuyang'ana ng'ombe yotuwa ija.

“Mphwanu uja wanenepa,” anatero. “Chimanga changa chili kumunda, chiswe chayamba. Kapena nayenso ali ndi zikhomo zake?”

“Lachitatu ndi Loweruka masana ngolo ndi ya mbumba,” anayankha a Mphepo. “Masiku ena ndi yolipira.”

“Ndinadziwa,” anatero a Anesi. “Lachitatu ndiye. Mubwere m'mawa, osati nthawi yanu ija.”

Ngoloyo tsopano imayenda. Imanyamula fodya wa a Mphepo popanda kulipira munthu, imanyamula njerwa ndi mchenga wa anthu ena pa mtengo, ndipo ndalama ya matayala ndi mankhwala a nkhupakupa imachokera momwemo. Imanyamulanso chimanga cha a Anesi, nkhuni za mlongo wina, odwala opita kuchipatala masiku amene si Lachitatu kapena Loweruka, chifukwa matenda sanamve za panganolo. A Mphepo sanalemere. Tsitsi lawo layera, ndipo akakhala pansi amatenga nthawi kuti adzuke. Akunena zoti ayambe kusungira malata, koma amazinena ngati munthu amene akuyang'ana phiri lina atangotsika lina.

A Yobu anakumana nawo ku boma tsiku lina, pamzere wogula feteleza, ndipo atafunsa za ng'ombe, anafunsanso za anthu. Nkhani ya belo lobwezedwa inali itafika ku Njombwa kalekale.

“Nanga abale aja,” anatero a Yobu, “analeka kupempha?”

A Mphepo anasuntha phazi limodzi kutsogolo, pakuti mzere unali utayenda pang'ono.

“Sanaleke,” anatero. “Koma chimene akupempha tsopano chimabwerera m'khola madzulo.”